Mutu 18: Mizati, Belu ndi Lamulo la Theka

Zolinga za phunziroli

Pomaliza phunziroli, ophunzira athe:

- kufotokoza mmene mzere wa belu umathandizira kupeza mwayi wa zinthu zowerengeka;
- kugwiritsa ntchito lamulo la theka moyenera;
- kuzindikira nthawi imene theka limasintha yankho ndi nthawi imene silisintha kanthu kwenikweni.

Zinthu za mbali ziwiri

Ndalama yachitsulo ili ndi mbali ziwiri. M'phunziro lino mbali imodzi itchedwa nkhope ndipo inayo itchedwa msana. Ndalama ikaponyedwa m'mwamba, imagwa chankhope kapena chamsana, palibenso njira yachitatu. Zinthu zambiri zili chomwecho. Mbewu ya chimanga imamera kapena simera. Dzira limaswa mwanapiye kapena limasukusa.

Chinthu chotere chikachitidwa mobwerezabwereza, funso limakhala lakuti: kodi mbali imodzi ituluka kangati? Akatswiri a masamu amatcha kuwerengera kumeneku kuti bainomiyo. Kuti kuwerengerako kukhale kolondola, pafunika zinthu zitatu. Maulendo akhale odziwika kuchuluka kwake. Mwayi ukhale umodzimodzi paulendo uliwonse. Ndipo zimene zachitika paulendo wina zisakhudze ulendo wotsatira, monga mmene ndalama sikumbukira mbali imene inagwera kale.

Ndalama ikaponyedwa kanayi, pali njira 16 zimene ingagwere. Njira imodzi yokha ndi yopanda nkhope. Njira 4 zili ndi nkhope imodzi, njira 6 zili ndi nkhope ziwiri, njira 4 zili ndi nkhope zitatu, ndipo njira imodzi ili ndi nkhope zokhazokha. Choncho mwayi wopeza nkhope ziwiri ndi 6 pa 16. Yankho limeneli ndi lenileni, chifukwa njira zonse zawerengedwa imodziimodzi.

Vuto limabwera maulendo akachuluka. Ulendo uliwonse wowonjezera umachulukitsa njira kawiri. Kuponya ka 16 kuli ndi njira 65,536. Kuponya ka 100 kuli ndi njira zochuluka kwambiri, mwakuti nambala yake ili ndi manambala 31 ondondozana. Palibe munthu amene angazilembe zonse m'kope.

Chithunzi cha mizati

Njira za kuponya ka 16 zinawerengedwa kale, ndipo zili m'tebulo ili.

| Nkhope | Njira |
|---|---|
| 8 | 12,870 |
| 7, ndiponso 9 | 11,440 |
| 6, ndiponso 10 | 8,008 |
| 5, ndiponso 11 | 4,368 |
| 4, ndiponso 12 | 1,820 |
| 3, ndiponso 13 | 560 |
| 2, ndiponso 14 | 120 |
| 1, ndiponso 15 | 16 |
| 0, ndiponso 16 | 1 |

Nambala zimenezi zingathe kujambulidwa ngati mizati yoimirira mogundizana pa mzere wa manambala. Mzati wa 8 ndiwo wautali koposa. Mizati ya 7 ndi 9 ndi yofupikirapo, ndipo yotsatira imanka nifupika mpaka kumapeto, kumene imatsala pang'ono kusaoneka. Chithunzi chonsecho chimafanana ndi chulu chimene wina wasemapo masitepe mbali zonse ziwiri.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchionetsetsa pachithunzicho. Mzati uliwonse uli ndi mulifupi mwake. Nambala 10 imalembedwa pakati pa tsinde la mzati wake, koma mzatiwo umayambira pa 9.5 ndi kuthera pa 10.5. Theka la mzati lili kumanzere kwa nambala, theka lina lili kumanja. Phunziro lonseli lagona pa mfundo imeneyi.

Belu la de Moivre

Abraham de Moivre anabadwira ku Faransa m'chaka cha 1667. Anali wa mpingo wa Chipulotesitanti, ndipo anthu a mpingowo atayamba kuzunzidwa m'dzikolo, iye anasamukira ku Londoni. Kumeneko ankapeza zofunika pa moyo wake pophunzitsa masamu ndiponso poyankha mafunso a anthu ochita juga. Mafunso ambiri anali a mtundu womwewu: ndalama ikaponyedwa kambirimbiri, kodi nkhope zingachuluke mpaka pati?

M'chaka cha 1733 de Moivre analemba njira yachidule. Iye anaona kuti maulendo akamachuluka, masitepe a chulu chija amanka nachepa, ndipo nsonga za mizati zimatsata mzere umodzi wosalala wooneka ngati belu lovundikira. Mzere umenewu ndi umene m'mabuku a masamu umatchedwa nomo. M'malo mowerenga njira zonse, munthu angathe kungoyeza malo amene ali kunsi kwa belulo. Pambuyo pake Pierre-Simon Laplace, katswiri wina wa ku Faransa, anaikuza njirayi m'buku lake la m'chaka cha 1812, kuti igwire ntchito ngakhale pamene mwayi wa mbali ziwirizo suli wofanana.

Belu silipereka yankho lenileni. Limapereka yankho loyandikira, chifukwa mzere wosalala sungafanane ndendende ndi masitepe.

Nambala ziwiri zomangira belu

Belu lililonse limadziwika ndi nambala ziwiri. Yoyamba ndi chapakati, pamene pali nsonga ya belu. Yachiwiri ndi mlingo wa kumwazikana, umene umasonyeza kutambasuka kwa belu. M'phunziro lino udzingotchedwa mlingo.

Chilembo n chikuimira kuchuluka kwa maulendo, ndipo p chikuimira mwayi wa mbali imene ikuwerengedwa.

chapakati = n × p

mlingo = √(n × p × (1 − p))

Chizindikiro √ ndi sikweya ruti. Chimafunsa kuti: ndi nambala iti imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ipereka nambala ili m'katiyi? Mwachitsanzo, √25 ndi 5, chifukwa 5 × 5 = 25.

Pa ndalama, mwayi wa nkhope ndi theka. Ikaponyedwa ka 16, chapakati ndi 16 × ½ = 8. Mlingo ndi √(16 × ½ × ½) = √4 = 2.

Mlingo uli ngati ndodo yoyezera. Munthu amaima pachapakati ndi kuyeza kuti malire a funso lake ali patali milingo ingati. Kenaka amayang'ana m'tebulo la belu, limene limanena gawo la belu limene latsala kuseri kwa malirewo.

| Mtunda (milingo) | Gawo lotsala kuseri |
|---|---|
| 0.25 | 40.1% |
| 0.75 | 22.7% |
| 0.9 | 18.4% |
| 0.95 | 17.1% |
| 0.99 | 16.1% |
| 1 | 15.9% |
| 1.25 | 10.6% |
| 1.5 | 6.7% |
| 1.75 | 4.0% |
| 1.9 | 2.9% |
| 2 | 2.3% |

Belu ndi lofanana mbali zonse ziwiri, choncho tebuloli limagwira ntchito kumanja ndi kumanzere komwe.

Chitsanzo: nkhope 10 kapena kuposerapo

Funso ndi ili: ndalama ikaponyedwa ka 16, kodi mwayi wopeza nkhope 10 kapena kuposerapo ndi wotani?

Yankho lenileni limapezeka pophatikiza mizati yonse kuyambira wa 10 mpaka wa 16.

8,008 + 4,368 + 1,820 + 560 + 120 + 16 + 1 = 14,893

Njira 14,893 zikagawidwa ndi njira zonse 65,536, yankho ndi 22.7 peresenti. Limeneli ndilo loyesera mayankho ena onse.

Wophunzira woyamba akugwiritsa ntchito belu. Iye akuika malire ake pa 10 penipeni. Kuchokera pa 8 kufika pa 10 pali 2, ndipo 2 ndi mlingo umodzi. Tebulo likuti 15.9 peresenti. Yankho lake lachepa ndi pafupifupi 7 peresenti, ngakhale kuti sanaphonye pochotsera kapena pogawa.

Cholakwika chikuoneka pachithunzi. Poika malire pa 10, iye wang'amba mzati wa 10 pakati, natenga theka la kumanja lokha. Theka la kumanzere, loyambira pa 9.5 kufika pa 10, walisiya kunja. Komatu funso likufuna mzati wonse wa 10, ndipo mzatiwo ndiwo wautali koposa yonse imene ikuwerengedwa. Theka lake lokha ndi njira 4,004, zimene ndi pafupifupi 6 peresenti ya njira zonse. Apa ndi pamene mbali yaikulu ya yankho lake yatayikira.

Wophunzira wachiwiri akuika malire pa 9.5, m'mphepete mwa mzati. Kuchokera pa 8 kufika pa 9.5 pali 1.5. Akagawa 1.5 ndi mlingo, umene ndi 2, akupeza 0.75. Tebulo likuti 22.7 peresenti. Yankho lake lagwirizana ndi lenileni lija.

Kusuntha malire ndi theka kuti mzati ulowe wonse kapena utuluke wonse ndiko kumatchedwa lamulo la theka. Ntchito yake ndi kulumikiza zinthu zowerengeka, zimene zimalumpha kuchokera pa 9 kufika pa 10, ndi belu, limene silidumpha malo alionse.

Theka lipite mbali iti?

Ophunzira ambiri amakumbukira theka koma amalisunthira mbali yolakwika. Njira yabwino si kuloweza pamtima kuti liphatikizidwe kapena lichotsedwe. Njira yabwino ndi kujambula mizati itatu yapamalire ndi kufunsa kuti mzati wa nambala yotchulidwayo uli m'kati kapena kunja.

Funso likati "10 kapena kuposerapo", mzati wa 10 uli m'kati, ndipo malire ali pa 9.5. Likati "kuposa 10", mzati wa 10 uli kunja. Kuwerenga kumayambira pa mzati wa 11, ndipo malire ali pa 10.5. Mtunda ndi 2.5, umene ndi milingo 1.25, ndipo tebulo likuti 10.6 peresenti. Yankho lenileni ndi 10.5 peresenti.

Apa pali chodabwitsa. Mafunso awiriwa akusiyana mawu ochepa chabe, koma yankho la limodzi ndi loposa kawiri la linzake. Munthu wosagwiritsa ntchito theka amaika malire pa 10 m'mafunso onse awiri, ndipo amapeza 15.9 peresenti konsekonse. Pafunso loyamba amaperewera, pafunso lachiwiri amapitirira. Ichi ndi chizindikiro chodziwira cholakwikacho: ngati "kuposa 10" ndi "10 kapena kuposerapo" apereka yankho limodzi, ndiye kuti theka laiwalika.

Kumanzere kwa belu nzeru yake ndi yomweyo. Funso likati "6 kapena kucheperapo", mzati wa 6 uli m'kati, ndipo malire ali pa 6.5. Likati "kuchepera 6", malire ali pa 5.5.

Pali funso lina limene silingayankhidwe konse popanda theka. Kodi mwayi wopeza nkhope 8 ndendende ndi wotani? Popanda theka, malire onse awiri ali pa 8, pakati pawo palibe malo, ndipo belu limayankha kuti mwayi palibe. Zimenezi ndi zosamveka, pakuti 8 ndiye mzati wautali koposa. Ndi theka, malire ali pa 7.5 ndi 8.5. Mbali iliyonse mtunda ndi milingo 0.25, ndipo kuseri kwake kwatsala 40.1 peresenti. Mbali ziwirizo pamodzi ndi 80.2, choncho pakati patsala 19.8 peresenti. Yankho lenileni ndi 19.6 peresenti.

Kodi theka limafunika liti?

Supuni ya mchere ikathiridwa m'kapu ya madzi, madziwo samweka. Supuni yomweyo ikathiridwa mumgolo, palibe amene angaumve mcherewo. Theka lili chimodzimodzi. Kukula kwake sikusintha, nthawi zonse ndi 0.5, koma belu limene lathiridwamo lingakhale laling'ono kapena lalikulu.

Tebulo ili likufunsa funso lofanana kanayi. Nthawi iliyonse nambala yofunsidwayo ili mlingo umodzi pamwamba pa chapakati, choncho munthu wosagwiritsa ntchito theka amapeza 15.9 peresenti m'mizere yonse.

| Maulendo | Mlingo | Funso | Popanda theka | Ndi theka | Lenileni |
|---|---|---|---|---|---|
| 16 | 2 | 10 kapena kuposerapo | 15.9% | 22.7% | 22.7% |
| 100 | 5 | 55 kapena kuposerapo | 15.9% | 18.4% | 18.4% |
| 400 | 10 | 210 kapena kuposerapo | 15.9% | 17.1% | 17.1% |
| 10,000 | 50 | 5,050 kapena kuposerapo | 15.9% | 16.1% | 16.1% |

M'mzere woyamba, theka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo, ndipo kuliiwala kwataya pafupifupi 7 peresenti. M'mzere womaliza, theka ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a mlingo, ndipo kuliiwala kwataya 0.2 peresenti yokha. Kumeneko mizati ndi yambirimbiri ndipo uliwonse uli ndi gawo laling'ono la mwayi, choncho theka la mzati umodzi silipita patali.

Pali njira yachidule yodziwiratu zimenezi asanayambe masamu onse. Nambala 20 ikagawidwa ndi mlingo, yankho lake limasonyeza pafupifupi maperesenti ochuluka koposa amene angatayike pamalire amodzi ngati theka laiwalika. Mlingo ukakhala 2, angatayike maperesenti ofika 10. Ukakhala 5, angatayike 4. Ukakhala 20, ingatayike peresenti imodzi. Pa ndalama, mlingo umafika 20 ikaponyedwa ka 1,600. Kutaya kwakukulu chotere kumachitika malire akakhala pafupi ndi nsonga ya belu, kumene mizati ndi yaitali.

Chofunika kuyang'ana ndi mlingo, osati kuchuluka kwa maulendo. Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mlimi wadzala mbewu 2,500 za chimanga, ndipo mbewu iliyonse ili ndi mwayi wa 1 pa 100 wolephera kumera. Chapakati cha mbewu zolephera ndi 2,500 × 0.01 = 25. Mlingo ndi √(2,500 × 0.01 × 0.99), umene ndi pafupifupi 5. Mbewuzo ndi zambiri, koma belu lake ndi lopapatiza ngati la ndalama yoponyedwa ka 100. Mwayi woti mbewu 30 kapena kuposerapo zilephere ndi pafupifupi 16 peresenti popanda theka, ndipo ndi pafupifupi 18 peresenti ndi theka. Yankho lenileni lili pafupi ndi 18. Munthu amene akanayang'ana nambala ya 2,500 yokha akanataya theka molakwika.

Mlandu wa ndalama

Nthawi zina maperesenti otayika amakhala ochepa, komabe amasintha chigamulo. Nachi chitsanzo china chongoyerekeza.

Magulu awiri a mpira pasukulu ina amaponya ndalama posankha oyamba kumenya. Gulu lina likudandaula kuti ndalamayo ndi yokondera. Aphunzitsi aiponya ka 100, ndipo nkhope zatuluka 60. Kodi mwini ndalamayo ndi wachinyengo?

Anthu ofufuza zinthu ali ndi chizolowezi chimene ambiri amatsata. Amayamba ndi kuganiza kuti ndalamayo ndi yabwino. Kenaka amafunsa kuti: ndalama yabwino ingapatuke chotere kangati, kaya chankhope kaya chamsana? Mwayi wake ukachepera 5 peresenti, amayamba kuikayikira ndalamayo. Ukaposa 5 peresenti, amati umboni sunakwane.

Apa chapakati ndi 50 ndipo mlingo ndi 5. Kupatuka kofunsidwa ndi nkhope 60 kapena kuposerapo, ndiponso nkhope 40 kapena kucheperapo.

Popanda theka, mtunda ndi 10, umene ndi milingo iwiri. Tebulo likuti 2.3 peresenti mbali imodzi, choncho mbali ziwiri ndi 4.6 peresenti. Nambalayi ndi yochepera 5, ndipo mwini ndalama wagwa nawo mlandu.

Ndi theka, malire ali pa 59.5 ndi 40.5. Mtunda ndi 9.5, umene ndi milingo 1.9. Tebulo likuti 2.9 peresenti mbali imodzi, choncho mbali ziwiri ndi 5.8 peresenti. Nambalayi ndi yoposa 5, ndipo umboni sunakwane.

Yankho lenileni ndi 5.7 peresenti. Choncho chigamulo chachiwiri ndicho cholondola potsata chizolowezi chija. Mayankho awiriwa asiyana ndi peresenti imodzi ndi pang'ono, koma malire a chigamulo anali pakati pawo. Izi sizitanthauza kuti ndalamayo yatsimikizika kukhala yabwino. Zikungotanthauza kuti maulendo 100 amenewa sanapereke umboni wokwanira woimbira munthu mlandu, ndipo wofuna kudziwa zoona aiponyenso maulendo ochuluka.

Chitsanzochi chikuonetsanso mbali imene cholakwikacho chimapendekera. Pafunso la "nambala yakuti kapena kuposerapo", kuiwala theka kumachepetsa mwayi, ndipo chinthu wamba chimaoneka ngati chachilendo. Munthu amafulumira kukayikira zimene sizinayenere kukayikiridwa.

Pamene belu lenilenilo lalephera

Theka limakonza vuto limodzi lokha, la mzati wong'ambidwa pakati. Silingawongole chulu chopendekeka. Belu ndi lofanana mbali zonse, koma mizati ya bainomiyo imapendekera mbali imodzi maulendo akakhala ochepa ndipo mwayi uli kutali ndi theka.

Mwachitsanzo, nkhuku yafungatira mazira 10, ndipo m'kuyerekeza dzira lililonse lili ndi mwayi wa 1 pa 10 wosukusa. Chapakati ndi 1, ndipo mlingo ndi pafupifupi 0.95. Mwayi weniweni woti pasakhale dzira losukusa ndi 35 peresenti. Belu, ngakhale ndi theka lomwe, limapereka 24 peresenti. Laphonya ndi 11.

Chizindikiro chake chimaoneka pachithunzi. Phazi la kumanzere la belu limapitirira mzati wa 0, ndipo pafupifupi 6 peresenti ya belulo imagwera kumene kulibe mzati uliwonse, ngati kuti mazira osukusa angachepere 0. Belu likatayikira kunja chotere, ndiye kuti silinakwane pa mizatiyo.

Nchifukwa chake mabuku ambiri a masamu amalangiza kuyesa kaye nambala ziwiri. Yoyamba ndi n × p, yachiwiri ndi n × (1 − p). Zonse ziwiri zikhale 5 kapena kuposerapo, ndipo mabuku ena amafuna 10. Pa ndalama yoponyedwa ka 16, zonse ziwiri ndi 8. Pa mazira aja, yoyamba ndi 1 chabe. Zikatero, njira yabwino ndi kusiya belu ndi kuwerenga mizatiyo mwachindunji, makamaka popeza ndi yochepa.

Pomaliza, theka ndi la zinthu zowerengeka zokha, monga nkhope, mbewu ndi mazira. Zinthu zoyezedwa, monga kulemera kwa thumba la ufa kapena nthawi ya wothamanga, sizidumpha kuchokera pa nambala ina kufika pa inzake. Zilibe mizati yong'ambika, choncho sizifuna theka.

Mfundo zofunika kukumbukira

1. Mzati wa nambala iliyonse umayambira theka kumanzere kwake ndi kuthera theka kumanja kwake.
2. Malire aikidwe m'mphepete mwa mzati, osati pakati pake.
3. Theka limafunika kwambiri mlingo ukakhala waung'ono, funso likakhala la nambala imodzi ndendende, ndiponso yankho likakhala pafupi ndi malire a chigamulo.
4. Mlingo ukaposa 20, kuiwala theka pamalire amodzi sikutaya peresenti yathunthu.
5. Theka silithandiza ngati n × p kapena n × (1 − p) yachepera 5.

Mawu atsopano

*bainomiyo:* kuwerengera maulendo amene mbali imodzi mwa ziwiri yatuluka

*nomo:* mzere wosalala wooneka ngati belu

*chapakati:* nambala imene ili kunsi kwa nsonga ya belu

*mlingo wa kumwazikana:* muyeso wa kutambasuka kwa belu

*kusukusa:* kuwonongeka kwa dzira osaswa mwanapiye

Mafunso

1. Kodi mzati wa 12 umayambira pati ndipo umathera pati?
2. Lembani malire oyenera pa mawu awa: (a) 7 kapena kuposerapo, (b) kuposa 7, (c) 7 kapena kucheperapo, (d) 7 ndendende.
3. Ndalama yaponyedwa ka 16. Pezani mwayi wa nkhope 12 kapena kuposerapo m'njira zitatu: pophatikiza mizati, ndi belu popanda theka, ndiponso ndi belu ndi theka. Ndi yankho liti la belu limene layandikira lenileni?
4. Ndalama yaponyedwa ka 36. Pezani chapakati ndi mlingo. Kenaka pezani mwayi wa nkhope 23 kapena kuposerapo pogwiritsa ntchito theka.
5. Wophunzira wina akuti, "Maulendo akaposa 1,000, theka lilibe ntchito." Fotokozani m'ziganizo zitatu chifukwa chake mawuwa sali oona nthawi zonse.
6. Kodi ndi chifukwa chiyani belu linalephera pa chitsanzo cha mazira?

Ntchito ya m'magulu

Khalani awiriawiri. Mmodzi aponye ndalama ka 16, mnzake alembe kuchuluka kwa nkhope. Bwerezani zimenezi kasanu. Aphunzitsi alembe zotsatira za kalasi yonse pabolodi, ndipo aliyense ajambule mizati yake m'kope, mzati uliwonse ukhale wogundana ndi unzake. Lembani mzere wofiira pa 9.5. Werengani maulendo amene agwera kumanja kwa mzerewo, muwagawe ndi maulendo onse a kalasi, ndipo mufananize yankho lanu ndi 22.7 komanso 15.9 peresenti. Zotsatira za kalasi imodzi zingathe kupatuka ndithu, choncho phatikizani ndi za kalasi ina, kenaka mufananizenso.

Mayankho a mafunso 1 mpaka 4

1. Umayambira pa 11.5 ndi kuthera pa 12.5.
2. (a) 6.5, (b) 7.5, (c) 7.5; (d) 6.5 ndi 7.5.
3. Mizati: njira 2,517 pa 65,536, zimene ndi 3.8 peresenti. Popanda theka: 2.3 peresenti. Ndi theka: 4.0 peresenti. Layandikira ndi la theka.
4. Chapakati ndi 18, mlingo ndi 3. Malire ali pa 22.5, mtunda ndi milingo 1.5, ndipo mwayi ndi 6.7 peresenti.